Kachizindikiro ka # kamene kanazunguza azakhali anga

Azakhali anga anagulidwa foni yamakono ndi mwana wawo amene ali ku Joni, ndipo pasanathe sabata anandiitana. Anandionetsa chithunzi cha ukwati wa mdzukulu wawo pa Facebook. Pansi pake panali mawu obiriwira, olumikizana popanda mpata: #UkwatiWathu2024.

"Mwana wanga, kodi ameneyu akufuna ndimutumizire ndalama?" anafunsa motero.

Funso lawo linali lomveka. Kachizindikiro ka # anakazolowera pa *211# kapena *444#, pomwe kamakhala kumapeto, kutseka manambala otumizira ndalama. Pa masamba a mchezo kamakhala kutsogolo kwa mawu, ndipo ntchito yake ndi ina. Kakaphatikana ndi mawu, zonse pamodzi zimatchedwa hashitagi.

Ndinawakumbutsa za chitenje cha ukwati. Amayi akagula nsalu imodzi, ngakhale akhale mabenchi osiyana m'tchalitchi, mumawazindikira kuti ndi a gulu limodzi. Hashitagi imachita zomwezo ku zolemba ndi zithunzi. Aliyense amene wajambula ku ukwatiko n'kulemba #UkwatiWathu2024 waveka chithunzi chake nsalu yomweyo. Ndinawauza kuti adinize chala pa mawuwo. Atadiniza, kunatuluka zithunzi za akwati, za pelekanipelekani, za amayi akuphika kuseri kwa holo, zina zojambulidwa ndi anthu amene azakhali sawadziwa n'komwe. Anakhala kanthawi ndithu akutsitsa chala, akutchula mayina a abale mmodzimmodzi.

Nzeru imeneyi si yakale kwenikweni. Anaiyambitsa ndi Chris Messina wa ku Amereka pa 23 Ogasiti 2007, pomwe anapempha anzake pa Twitter, imene pano ikutchedwa X, kuti azilemba #barcamp pokamba za msonkhano wawo. Anthu anaona phindu lake m'Okutobala chaka chomwecho moto wolusa utabuka ku San Diego, pomwe nkhani zake zinkapezeka pamodzi pa #sandiegofire. Facebook inayamba kulola mahashitagi mu 2013. Ifenso tinaona zofanana mu Malichi 2023, namondwe Freddy atasakaza Blantyre ndi maboma ena akum'mwera: abale akunja ankatsata #CycloneFreddy kuti adziwe zimene zinkachitika ku Chilobwe.

Kenaka azakhali anafuna kuyesa okha. Analemba #Ukwati Wathu, koma mawu oyamba okha ndi amene anabiriwira. Apa ndiye pamene ambiri amaphonya. Hashitagi imathera pomwe pali mpata, choncho foni inangowerenga #Ukwati, n'kuponya uthenga wawo m'mulu wa maukwati a anthu ena onse. Mawu ayenera kugundana. Zilembo zazikulu zilibe kanthu kwa foni, #ukwatiwathu2024 ndi #UkwatiWathu2024 ndi chimodzimodzi, koma zimathandiza maso a munthu kuona pomwe liwu lililonse layambira. Chilembo chimodzi chikasiyana, kapena mukaiwala 2024, mwalowa m'gulu lina.

Palinso msampha wina umene umagwira makamaka ife olemba Chichewa. Zizindikiro za m'kalembedwe zimadula hashitagi ngati mpata womwe. Mukalemba #ng'ombe, kankhodolero kaja kamadula liwulo, n'kutsala #ng basi. Muzilemba #ngombe, ngakhale aphunzitsi athu a Chichewa sangakondwe nazo. Njira yodziwira ndi yapafupi: mukatumiza, onani ngati liwu lonse lasintha mtundu mpaka kumapeto. Ndipo pocheza pa WhatsApp musavutike nazo, kumeneko hashitagi imangokhala mawu wamba, siisonkhanitsa kanthu.

"Nanga mwini wake ndani? Amalembetsa kuti?" anafunsanso.

Palibe mwini wake, azakhali, ndipo salembetsa kulikonse. Aliyense akhoza kupeka yake lero lomwe, ndipo aliyense akhoza kugwiritsa ntchito ya mnzake. Apa ndi pomwe ndinachedwapo, chifukwa ndi pamene pamandidetsa nkhawa. Hashitagi ikatchuka, otsatsa malonda ndi akamberembere amaimata pa uthenga wawo kuti aoneke. Pa nthawi ya ngozi mumapeza wina waika nambala yake, akuti akusonkhetsa thandizo. Kukhala pansi pa hashitagi yodziwika si umboni woti nkhaniyo ndi yoona. Muyang'ane kaye amene walemba.

Chinanso n'chakuti hashitagi imaitana alendo. Pa Facebook, pafupi ndi tsiku la uthenga wanu pamakhala kachithunzi kakang'ono. Kakakhala ka dziko lapansi, aliyense wodiniza hashitagiyo akhoza kuona chithunzi chanu. Kakakhala ka timitu ta anthu, achiona ndi anzanu okha, ngakhale hashitagi ilipo.

Azakhali anayang'anitsitsa chithunzi cha adzukulu awo ang'onoang'ono chimene anali atangoika, ataima pakhomo pa nyumba. Panali kadziko. Tinasintha limodzi kuti achione anzawo okha, kenaka analembanso hashitagi ija, ulendo uno popanda mpata, ndipo yonse inabiriwira.