Kakalata ka mlembi maminitsi asanatuluke

Msonkhano watha, anthu aomba m'manja n'kubalalika. Madzulo mlembi akutsegula kope lake kuti alembe maminitsi, ndipo pa mfundo yachinayi akupeza mawu awa: "Tagwirizana kuti potapa ndalama azisayina anthu awiri." Koma awiri ake ati?

Tiyerekeze kuti ndi komiti ya pasukulu ya pulayimale imene ili ndi osayinira atatu kubanki: wapampando, msungichuma ndi mphunzitsi wamkulu. Mawu aja angatanthauze kuti awiri alionse mwa atatuwo akhoza kutapa ndalama. Angatanthauzenso kuti msungichuma azisayina nthawi zonse, pamodzi ndi mmodzi mwa enawo. Kusiyanaku si kwamasewera, chifukwa gulu likafuna kusintha osayinira, banki imapempha maminitsi ndipo imatsata zimene zalembedwamo. Tanthauzo loyambalo likalembedwa molakwika, ndalama zikhoza kutuluka msungichuma ali kumunda, osadziwa kanthu.

Apa mlembi wodziwa ntchito sangoganizira. Amalembera wapampando kakalata kachidule, kamene m'maofesi amati memo. Pamwamba amaika amene akumulembera, dzina lake, tsiku ndi mutu wa nkhani, kenako amalunjika:

"A Wapampando, pa mfundo yachinayi ya msonkhano wathu wa Loweruka ndinalemba kuti potapa ndalama azisayina anthu awiri. Ndikupempha kuti mundiunikire: kodi tinagwirizana kuti akhale awiri alionse, kapena msungichuma ndi wina mmodzi? Mukandiyankha pofika Lachitatu, maminitsi ndiwatumiza kwa mamembala Lachisanu."

Kakalataka kakutchula mfundo, kakubwereza mawu enieni a m'kope, kakuyala matanthauzo onse awiri popanda kukometsa limodzi, ndipo kakupereka tsiku. Ena angati bwanji osangoimba foni. Vuto la foni n'loti pakapita miyezi itatu, aliyense amakumbukira zake, pomwe yankho lolemba limakhala m'fayelo.

Pali malire amene ambiri amawalumpha. Mlembi akufunsa zimene msonkhano unagamula, osati zimene wapampando akufuna. Nthawi zina wapampando akakumbukira bwinobwino amaona kuti anthu anangokambirana, wina n'kunena kuti nthawi yatha, nkhani n'kuthera m'malere popanda wopereka ganizo kapena wolivomereza. Zikatero iye alibe mphamvu yomalizitsa nkhaniyo payekha kudzera m'cholembera cha mlembi. Maminitsi anene zoona zake, kuti komiti inagwirizana za anthu awiri koma sinatchule kuti ndani, ndipo mfundoyo ibwerere pamndandanda wa zokambirana za msonkhano wotsatira.

Ngakhale wapampando atayankha momveka, mamembala amakhalabe ndi mpata wawo. Pamsonkhano wotsatira maminitsi amawerengedwa, wina akhoza kuimika dzanja n'kunena kuti sanamve choncho, ndipo amakonzedwa pomwepo wapampando asanasayine.