Kamawu kakang'ono kamene kamatembenuza "give"

Pa 29 Okutobala 1941, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili pakolasinga, nduna yaikulu ya dziko la Britain, Winston Churchill, inakalankhula kwa ophunzira a pasukulu ya Harrow, kumene iyonso inaphunzira ili mnyamata. Mawu amene anthu amawakumbukira pa tsikulo ndi akuti "never give in". Koma masiku ano ambiri akamawabwereza amawasintha n'kunena kuti "never give up", poganiza kuti zonse n'chimodzimodzi. Si chimodzimodzi ayi. Churchill ankalankhula za dziko limene mdani ankalipanikiza ndi mabomba kuti ligwade, ndipo uthenga wake unali woti musagonjere amene akukukakamizani. Akananena "give up", akanakhala akulankhula za munthu amene watopa yekha ndi chimene amachita n'kuchisiya, kaya pali mdani kaya palibe. Kusiyana konseku kwagona pa kamawu ka zilembo ziwiri.

Aphunzitsi a Chingerezi amatcha aneni otere kuti *phrasal verbs*. Ndi mneni wamba, monga *give*, *take* kapena *put*, amene waphatikana ndi kamawu ngati *up*, *in*, *out* kapena *off*, ndipo awiriwo amagwira ntchito ngati mawu amodzi okhala ndi tanthauzo lawolawo. Vutoli si la lero. Samuel Johnson, m'mawu oyamba a dikishonale yake ya mu 1755, anatchula kale kuti aneni amtunduwu amasautsa kwambiri alendo ophunzira Chingerezi, chifukwa tanthauzo lake limatalikirana ndi la mawu awiriwo ukawatenga paokhapaokha.

Ife olankhula Chichewa sitiyenera kudabwa nazo, poti chinenero chathu chimachitanso zomwezi, kungoti chimasintha mneni kumapeto kwake. Kuyang'ana mwana n'kosiyana ndi kuyang'anira mwana. Woyambayo akungomupenya, wachiwiriyo akumusamalira. Mngerezi amati *look at* pa choyambacho ndi *look after* pa chachiwiricho. Chimene ife timachimata ku tsinde la mneni, iye amachiika padera ngati kamawu koima pakokha. Choncho wophunzira amene amaona *give* n'kuthamangira kunena kuti "kupatsa", kamawu kotsatirako osakalabadira, wawerenga theka la mneni.

Tiyeni titenge nkhani imodzi yongoyerekeza, yonga imene mungaipeze m'nyuzipepala ya Chingerezi. Ogwira ntchito pafakitale ina akunyanyala ntchito pofuna kuti awakwezere malipiro. Mtolankhani akalemba kuti "After three weeks the workers gave up", ndiye kuti ogwira ntchitowo anataya mtima, anaona kuti sizitheka, ndipo anasiya kunyanyalako. Chiganizochi sichikutiuza kuti wina anawaopseza. Mwina njala inangowakwana. Akalemba kuti "After three weeks the workers gave in", pali mbali ina imene imawapanikiza, mwina mabwana amene anawachenjeza kuti awachotsa ntchito, ndipo iwo anavomera zimene ankazikana poyamba. Tsono onani chiganizo ichi: "The management gave in." Apa zinthu zatembenuka, chifukwa mabwana ndiwo agonja, ndipo malipiro akwera. Owerenga amene sakusiyanitsa aneniwa angathe kumaliza nkhani yonse osadziwa bwino kuti wapambana ndani komanso chifukwa chake.

Funso lothandiza ndi lakuti: kodi pali amene akukankha? Ngati alipo, ndipo munthu wavomera zofuna za wokankhayo, mneni wake ndi *give in*. N'chifukwa chake kawirikawiri amatsatana ndi *to*, amene amaloza wokankhayo: "She gave in to her children", kutanthauza kuti anawo anamuumiriza mpaka anawalolera. Wokankhayo sakhala munthu nthawi zonse. "He gave in to temptation" ndi munthu amene chilakolako chamugonjetsa. Polemba, *in* ndi *to* azikhala mawu awiri olekana, chifukwa *in* ndi gawo la mneni pamene *to* ndi mperekezi. Kamawu ka *in* kali ndi chithunzi cha chinthu chimene chatebera mkati chifukwa cha kulemera kochokera kunja, ndipo chithunzi chomwechi chili mwa *cave in*, amene amanena za denga kapena mgodi umene wagumukira mkati, komanso za munthu amene wagonja pa mkangano.

*Give up* ndiye ali ndi nthambi zambiri, koma zonse zikuchokera pa ganizo la kutaya chinthu m'manja kotheratu. Kamawu ka *up* m'Chingerezi sikaloza kumwamba kokha. Nthawi zambiri kamasonyeza kuti chinthu chachitika mpaka pamapeto. *Eat up* ndi kudya zonse, *use up* ndi kugwiritsa ntchito mpaka kutha. Motero "He gave up smoking" ndi munthu amene wasiyiratu fodya, ndipo "She gave up her seat" ndi mayi amene wasiyira wina mpando wake. "The thief gave himself up" ndi wakuba amene wakadzipereka yekha kupolisi. Pamenepa pali cholakwika chimene chimapezeka kawirikawiri m'zolemba za ophunzira: mneni wotsatira *give up* amathera ndi *-ing*. Timati "give up drinking", osati "give up to drink".

Kamawu kena kakalowererapo, tanthauzo limasunthanso. "They gave him up to the police" ndiye kuti anamupereka m'manja mwa apolisi. "They gave up on him" ndiye kuti anataya naye chiyembekezo, monga makolo amene alangiza mwana wawo mpaka kutopa. Ziganizo ziwirizi zikufanana pa maso, koma china chikunena za kupereka munthu, china za mtima umene waleka kudikira kuti munthuyo asintha. Ine ndimaona kuti wophunzira akagwira kusiyana kumeneku, aneni ena onse a banjali samuvutanso kwenikweni, poti wazolowera kuwerenga mpaka kamawu komaliza asanagamule tanthauzo.

Tibwerere kufakitale kuja kuti tione *give out*, amene ali ndi nkhope ziwiri. "The union gave out leaflets" ndiye kuti bungwe la ogwira ntchito linagawira anthu timapepala. Chinthu chikuchoka pamalo amodzi n'kumwazikira kwa ambiri, monga mphunzitsi akamagawa mapepala a mayeso. Koma "Their savings gave out" sakunena za kugawa. Ndalama zimene anasunga zija zinatha. Momwemonso "The engine gave out" ndi injini imene yafa panjira, ndipo "His legs gave out" ndi munthu amene miyendo yake yafooka mpaka kulephera kumunyamula. Matanthauzo awiriwa ndi apachibale: chimene chakhala chikutuluka osabwezeretsedwa chimafika potheratu, ndipo *out* yemweyu ndi amene ali mwa *run out* ndi *wear out*.

Njira yosiyanitsira nkhope ziwirizi ndi yapafupi. Onani ngati pali chinthu chimene chikuperekedwa, chimene m'kalasi timachitcha pamtherankhani. Ngati chilipo, monga timapepala, mabuku kapena mankhwala, tanthauzo ndi kugawa. Ngati palibe, ndipo mwininkhani ndi chinthu monga injini, mtima, ndalama, madzi kapena kuleza mtima, tanthauzo ndi kutha kapena kufa. Pamenepa ndi pamenenso *give out* amasiyanirana ndi *give up*. Munthu amene wachita *give up* wasankha kusiya, ngakhale atasankha akulira. Chimene chachita *give out* sichinasankhe, mphamvu yangochithera. Wothamanga mpikisano wa mtunda wautali akaima panjira, "he gave up" akunena za mtima wake, pamene "his knees gave out" akunena za maondo amene amukanika iye akufunabe kupitiriza. Mawu oyambawo angamupweteke munthu amene anayesetsa mpaka thupi kukana, choncho ndi bwino kusankha mosamala.

Palinso lamulo la kaimidwe ka mawu limene limasonyeza msanga ngati munthu wawazolowera aneniwa. Pamene pali dzina, mungathe kuliika pakati kapena kumapeto: "give out the books" ndi "give the books out" onse ndi olondola. Koma mlowam'malo monga *it*, *them* kapena *him* amakhala pakati basi. Timati "give them out" ndi "give it up". "Give out them" ndi Chingerezi cholakwika. *Give in* wa kugonja uja salekanitsidwa, chifukwa alibe chinthu choperekedwa. Mukamva mphunzitsi wa ku Britain akuti "give your homework in", ameneyo ndi *give in* wina, wofanana ndi *hand in*, kutanthauza kupereka ntchito kwa woyenera kuilandira. Polankhula, mawu amatsindikidwa pa kamawuko, makamaka kakakhala kumapeto kwa chiganizo, ndipo khutu likazolowera zimenezi limagwira msanga kuti wolankhulayo wati *up*, *in* kapena *out*.

Zithunzi za timawuti zili ndi malire ake, ndipo si bwino kuzikhulupirira mopitirira. Zimathandiza kukumbukira tanthauzo limene mwaliphunzira kale, koma sizingakulosereni tanthauzo lililonse latsopano. Palibe chimene chili mwa *up* chimene chingakuuzeni kuti *look up* ndi kufufuza mawu m'dikishonale, kapena kuti *make up* angatanthauze kupeka bodza komanso kuyanjananso pambuyo pa mkangano. N'chifukwa chake kuloweza mndandanda wa aneni ndi matanthauzo ake, monga amachitira ambiri pokonzekera mayeso a fomu 4, sikukhalitsa m'mutu. Chimene chimakhalitsa ndi kulemba chiganizo chonse chimene mwamupezamo mneniyo, kuti muzionanso amene akuchita, chimene chikuperekedwa ngati chilipo, ndi kamawu kalikonse kotsatira. M'madikishonale a ophunzira, aneniwa amawaika kumapeto kwa matanthauzo a *give*, choncho musaime pa mzere woyamba.

Malo nawonso amasintha zinthu. Amalawi amene akukhala ku Ireland amakumana ndi *give out* wachitatu amene mabuku athu a sukulu samutchula. Kumeneko munthu akati "The manager was giving out to me", sakunena kuti bwana amamugawira kanthu. Akutanthauza kuti amamukalipira. Akati "She is always giving out about the rent", ndiye kuti mayiyo amangodandaula za lendi. Chimene chikutuluka apa ndi mawu aukali, ndipo *to* akuloza wokalipiridwayo pamene *about* akuloza chimene chikudandaulitsa. Ku England ndi ku America ambiri sagwiritsa ntchito mneniyu motere, choncho amene wamutola ku Dublin adziwe kuti akakamulankhula ku London ena sakamumva.