Alimi 300 Kapena 1,800? Nambala za pa CV ya Mlangizi

Bungwe likalengeza kuti likufuna mlangizi wa zaulimi, makalata omwe amafika amakhala ngati alembedwa ndi dzanja limodzi. Pafupifupi aliyense ali ndi dipuloma ya ku Natural Resources College kapena digiri ya ku Bunda, ndipo pa CV, chikalata chija chofotokoza maphunziro ndi mbiri ya ntchito, aliyense walemba kuti "ndimaphunzitsa alimi ulimi wamakono". Wosankha anthu sapezapo chogwira. Iye akufuna kudziwa kuti alimi angati, mbewu yanji, nyengo iti, komanso chinasintha n'chiyani m'munda.

Tiyerekeze mayi wina amene ndi mlangizi m'dera lina la zaulimi ku Kasungu. M'nyengo ya 2022/23 anali ndi magulu 12, gulu lililonse la alimi 25, ndipo aliyense anakumana naye kasanu ndi kamodzi, kuyambira pokonza mizere mpaka posunga zokolola. Mapepala amene alimi amasayinapo kapena kudinda chala akawaphatikiza, mayina amakwana 1,800. Apa mpamene ambiri amaterereka. Nambala yaikuluyo imakoma m'maso, koma anthu amene anaphunzira ndi 300 basi, kungoti aliyense anabwera kangapo. Wofunsa mafunso amene anagwirapo ntchito kumudzi amazindikira msanga. Amangofunsa kuti magulu anali angati, n'kuwerengera chamumtima, ndipo zikapanda kugwirizana amayamba kukayikira chikalata chonse.

Chimodzimodzi ndi alimi achitsanzo. Ngati mayiyu anaphunzitsa alimi achitsanzo 20, ndipo aliyense wa iwo n'kukaphunzitsa anzake 15, alembe padera kuti 20 anawaphunzitsa yekha, ndipo 300 enawo anawafikira kudzera mwa anzawo. Asaiwalenso kunena kuti amayi anali angati, chifukwa mabungwe ambiri amafunsa zimenezi m'malipoti awo.

Koma kubwera ku maphunziro si kusintha ulimi. Mlimi amatha kukhala pansi pa mtengo wa mango m'mawa wonse, kuvomera zonse, kenako n'kukabzala monga ankabzalira agogo ake. N'chifukwa chake nambala yolemera kwambiri pa CV ndi ya amene anachitadi zomwe anaphunzira. Mlangizi amaidziwa poyendera minda ndi chingwe choyezera m'manja, kuona ngati mizere ya chimanga yatalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, ndiponso ngati phando lililonse lili ndi mbewu imodzi, kabzalidwe kamene alimi amangokatchula kuti Sasakawa. Ngati mwa alimi 300 anapeza 110 atatsatira, alembe 110 yemweyo mopanda manyazi. Nambala yotere imasonyeza kuti munthuyo anapalasa njinga kubwerera kuminda maphunziro atatha, ndipo ndi mlangizi wotereyu amene alimi akumusowa.

Mzere wa mayiyu ungakhale wotere: "2022/23: ndinaphunzitsa alimi 300, mwa iwo amayi 180, m'magulu 12, kabzalidwe ka chimanga ka mbewu imodzi paphando, poyendera minda mu Januwale ndinapeza kuti 110 atsatira, ndinakhazikitsa minda yachitsanzo 4."

Pa mbewu ndi mapulogalamu, kungondandalika kuti chimanga, soya, mtedza sikuthandiza. Mbewu iliyonse ikhale ndi ntchito imene inagwiridwa. Pa soya, kodi kunali kubzala mizere iwiri pamzere umodzi? Pa mtedza, kodi kunali kuumitsa bwino popewa chuku? Pa chimanga, mwina kunali kuphunzitsa alimi kuyendera munda n'kuzindikira msanga mbozi zija zinavuta kwambiri m'dziko muno mu 2017. Pulogalamu ya boma ya zipangizo zotsika mtengo, AIP, imene inalowa m'malo mwa FISP mu 2020, alangizi ambiri anagwirako ntchito, choncho kuitchula chabe sikumusiyanitsa munthu ndi anzake. Anene gawo lake, kaya kunali kutsimikiza mayina a opindula m'midzi yakutiyakuti, kaya kuphunzitsa kathiridwe ka feteleza.

Zokolola zimafuna kusamala koposa. Mvula, nthaka ndi feteleza zimasintha kuchuluka kwa matumba kuposa mawu a mlangizi, ndipo amene angafanizire chaka cha mvula yabwino ndi nyengo ya ng'amba ya 2023/24 n'kunena kuti kusiyanako ndi ntchito yake, akudzinamiza. Kufanizira koyenera n'kwa munda wachitsanzo ndi munda woyandikana nawo m'nyengo imodzimodziyo, kutchula kukula kwa malo ndi matumba a makilogalamu 50 amene anatuluka.

Nambala zonsezi zichokere m'kaundula wa magulu ndi m'malipoti a mwezi ndi mwezi amene mlangizi amapereka kwa mkulu woyang'anira dera lake la zaulimi. Nthawi zambiri mkuluyo ndi amene amalembedwa pansi pa CV ngati mboni, ndipo akamuimbira foni amayankha zimene zili m'mafayilo ake.