Mumalipira zingati pachaka potapa ndalama pafoni?

Mukatapa ndalama kwa ajenti wa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, kampani imadulapo kangachepe. Patsiku limodzi kangachepeko sikapweteka. Koma pachaka pali miyezi 12, ndipo ndalama imodzimodziyo imatha kudulidwa kawiri: poyamba poitumiza, kenako poitapa. Kuti mudziwe ngati njira ina ingakhale yotchipa, muyenera kuyamba mwadziwa zimene mukulipira panopa.

Kupeza zimene adula n'kosavuta. Musanatape, onani ndalama zimene zili m'foni. Tinene kuti muli 2000 MT, ndiye kuti mametikali 2000. Mwatapa 500 MT, ndipo uthenga wabwera wonena kuti mwatsala 1490 MT. Mukachotsa 500 pa 2000 payenera kutsala 1500. Pasowa 10 MT, ndipo amenewo ndiwo malipiro otapira. Lembani m'kope tsiku, ndalama zimene mwatapa ndi zimene adula. Musafufute mauthengawo mwezi usanathe.

Tiyeni tiyerekeze ndi mayi wina wa m'mudzi wa ku Angonia. Manambala ake ndi ophunzirira chabe. Inu muikepo anu ochokera m'kope lanu. Mwana wawo amagwira ntchito ku Moatize ndipo amawatumizira 2000 MT mwezi uliwonse. Potumiza amalipira 10 MT. Mayiwo satapa zonse pakamodzi, chifukwa amaopa kuti ndalama zikakhala m'nyumba zimatha msanga. Choncho amatapa 500 MT sabata iliyonse, kanayi pamwezi, ndipo ulendo uliwonse amadulidwa 10 MT. Kanayi ndi 40 MT. Tikaphatikiza ndi 10 MT ya mwana uja, banjali limalipira 50 MT pamwezi. Pachaka, 50 kuchulukitsa ndi 12 ndi 600 MT.

Nanga atamatapa 2000 MT yonse kamodzi? Malipiro otapira amayenda m'magulu. Ndalama zoyambira pakuti kufika pakuti zimakhala ndi mtengo umodzi, ndipo gulu lotsatira limakhala ndi mtengo wake. Tinene kuti kutapa 2000 MT ndi 20 MT. Pamwezi zikhala 20 ndi 10, ndiye kuti 30 MT. Pachaka ndi 360 MT. Kusiyana kwake ndi 240 MT, popanda kusintha foni kapena kampani. M'njira zonse ziwirizi mwana ayenera kutumiza ndi ya pamwamba yomwe, chifukwa m'foni mukakhala 2000 MT yeniyeni simungatape yonse; yodulayo iyenera kupezekamo.

Mantha a mayiwa si opanda pake. Ndalama zili m'manja, mlendo akabwera kapena wina akabwereka, zimapita. Ngati kutapa kamodzi kungachititse kuti 300 MT iwonongeke mwezi umodzi wokha, phindu la chaka chonse latha. Ena amasankha zapakati, kutapa kawiri pamwezi. Palinso vuto la ajenti wa kumudzi amene nthawi zina amakhala alibe ndalama zokwanira. Akakuuzani kuti mutape theka lero, theka mawa, dziwani kuti mudulidwa kawiri.

Tsopano tione za banki. Ambiri poyerekeza amangoona malipiro a banki, n'kuiwala ulendo. Banki ya mayiwa ili ku Ulongwe, ndipo shapa tinene kuti ndi 50 MT kupita, 50 MT kubwerera. Ulendo umodzi pamwezi ndi 100 MT, pachaka 1200 MT, banki isanadule kalikonse. Kwa iwo foni ndiyo yotchipa ndithu. Koma munthu wokhala m'tauni ya Ulongwe momwemo, amene amafika pamakina otapira ndalama wapansi, yankho lake lingakhale lina. Iyeyo afunse kubanki zinthu ziwiri: amadula zingati pa khadi pachaka, ndipo amadula zingati akatapa pamakina a banki yake kapena a banki ina. Aphatikize zonsezo za chaka, ndiyeno aziike pafupi ndi za foni.

Kuyambira mu 2022, ndalama zimatha kuchoka ku M-Pesa kupita ku e-Mola kapena mKesh, ndi kubwereranso. Mtengo wotumizira kukampani ina ungasiyane ndi wotumizira m'kampani imodzi, choncho funsani mwana wanu kuti iye amadulidwa zingati. Ajenti ambiri amagwira ntchito za makampani awiri, ndipo mungawapemphe kuti akuonetseni mitengo ya onse awiri pa ndalama imene mumatapa kawirikawiri.

Pochulukitsa ndi 12, musatenge mwezi wogulitsa mbatata kapena chimanga, pamene ndalama zimayenda kwambiri. Tengani mwezi wamba, ndipo za nthawi yokolola ndi yogula feteleza muziwonjezere padera.