Simenti, misomali ndi pampu: katundu uti afunika diso lanu?

Mwini hadiweya akatseka chitseko pofuna kuwerenga sitoko, kawirikawiri amayambira pa shelufu yoyandikira khomo n'kumayenda mpaka kumapeto. Mahinjesi amawawerenga limodzilimodzi, mabulashi a penti nawonso chimodzimodzi, misomali n'kuiika pa sikelo. Pofika kuseri komwe kuli simenti ndi malata, dzuwa lapendeka, anyamata atopa, ndipo wina amangoponya maso pa mulu n'kunena kuti matumba alipo ngati mazana awiri. Tsiku lonse lathera pa zinthu zazing'ono, pomwe katundu wonyamula mpamba wonse wawerengedwa mongoyerekeza.

Akatswiri osunga katundu ali ndi njira yothetsera vuto limeneli, yomwe amaitcha ABC. Katundu yense amagawidwa m'magulu atatu, A, B ndi C, potengera ndalama zomwe mtundu uliwonse umadya pa chaka. Maganizo ake anachokera kwa Vilfredo Pareto, katswiri wa zachuma wa ku Italy, yemwe cha m'ma 1890 anaona kuti chuma chambiri chimakhala m'manja mwa anthu ochepa. Mu 1951, H. Ford Dickie wa kampani ya General Electric ku America analemba za momwe zimenezi zingagwirire ntchito m'nyumba yosungiramo katundu: mitundu yochepa ndiyo imadya ndalama zambiri, choncho nthawi ndi maso ziyenera kupita kumeneko.

Masamu ake ndi a ku pulaimale. Pa mtundu uliwonse wa katundu, tengani kuchuluka kwa zomwe zinatuluka m'chaka chonse, muchulukitse ndi mtengo womwe mumapikulira chimodzi. Onetsetsani kuti ndi mtengo wopikulira, osati wogulitsira, chifukwa funso lathu ndi lakuti mpamba ukupita kuti. Amene ali ndi kompyuta angalembe kuchuluka mu B ndi mtengo mu C, kenaka `=B2*C2` n'kukokera pansi. Amene alibe, kope ndi malisiti a chaka chatha n'zokwanira.

Tiyerekeze sitolo ya zipangizo zomangira yokhala ndi mitundu khumi yokha. Manambalawa ndi achitsanzo chabe, osankhidwa kuti masamu aoneke bwino. Sitoloyi inagulitsa matumba a simenti 2,200 m'chaka, ndipo thumba limodzi imapikula pa K25,000. Simenti yekha ndiye kuti anadya K55 miliyoni. Malata 1,500 a K16,000 limodzi anadya K24 miliyoni. Kenaka pakubwera penti wa K6 miliyoni, zitsulo za mu konkire za K5 miliyoni ndi mapaipi a K4 miliyoni. Zotsalazo ndi misomali, mapampu a madzi, maloko, mahinjesi ndi mabulashi, ndipo zisanu zonsezi pamodzi zangokwana K6 miliyoni. Tikaphatikiza zonse, sitoloyi inapikula katundu wa K100 miliyoni.

Tsopano ndandalikani kuyambira chodya zambiri kutsikira pansi, mukuphatikiza pamene mukutsika. Simenti ndi malata, mitundu iwiri yokha mwa khumi, zatenga K79 pa K100 iliyonse. Limenelo ndiye gulu A. Penti, zitsulo ndi mapaipi zatenga K15 pa K100 iliyonse, gulu B. Theka lonse la mitundu ya m'sitolomo lagawana K6 yotsalayo, ndipo ndilo gulu C. Mabuku ambiri amaika malire a gulu A penapake pakati pa 70 ndi 80 peresenti ya ndalama, koma limeneli si lamulo. Dulani pomwe manambala agwa mwadzidzidzi, monga pano pomwe tachoka pa K24 miliyoni kufika pa K6 miliyoni.

Taonani pomwe pagwera pampu ya madzi. M'sitolo monse mulibe chinthu chodula kuiposa, K750,000 imodzi, ndipo mwini wake amaiika pafupi ndi kauntala, mwinanso n'kuimanga ndi tcheni. Koma m'chaka chonse zinatuluka ziwiri zokha, K1.5 miliyoni basi, ndipo misomali ya K2,000 pa kilogalamu yaiposa chifukwa inatuluka makilogalamu 1,000. Apa m'pomwe anthu ambiri amasokonezekera. Iwo amayesa kuti chodula ndicho chofunika kuchilondera, pomwe njirayi imayang'ana mtengo ndi liwiro la katunduyo pamodzi. Tcheni cha pampu chisachoke ayi, wakuba sadziwa za ABC, koma pampuyo siyofunika kuti bwana aziganizira za oda yake sabata ndi sabata.

Simenti ndiye wofunika zimenezo. Ngati matumba awiri pa 100 alionse aonongeka, kaya ang'ambika potsitsa mu lole, kaya auma ndi chinyontho, kaya atuluka opanda lisiti, pa chaka ndi matumba 44, omwe ndi K1.1 miliyoni. Mahinjesi onse omwe sitoloyi inagulitsa chaka chonse ndi a K800,000. Kutanthauza kuti munthu atha kulondera mahinjesi osatayapo ngakhale limodzi, koma kudontha pang'ono kwa simenti, komwe diso silingakuone pa mulu, n'kumudyera zoposa mahinjesi onsewo.

N'chifukwa chake katundu wa gulu A amawerengedwa pafupipafupi, sabata iliyonse kapenanso madzulo alionse, ndipo chiwerengerocho chimayerekezedwa ndi zomwe zalembedwa m'buku. Kuwerenga matumba oikidwa bwino m'mizere ya khumikhumi sikutenga mphindi makumi awiri. Pakasowa matumba atatu sabata ino, mukhoza kukumbukira kuti analandira katundu ndani ndipo ngolo inanyamula kangati. Mukadikira kutha kwa chaka, palibe amene adzakumbuke kanthu, ndipo mudzangodana ndi antchito popanda umboni.

Kaodedwe kakenso kamasintha. Sitolo yathuyi imagulitsa matumba pafupifupi 42 pa sabata. Ikamaoda kamodzi pa miyezi itatu, imatsitsa matumba 550 nthawi imodzi, ndipo K13.75 miliyoni imakagona kuseri. Simenti sachedwa kugwirana akakhalitsa, makamaka m'dzinja, ndipo matumba apansi ndi oyandikira khoma ndiwo amayamba kuchita miyala. Ikamaoda pa masabata awiri alionse, matumba 85 akukwana, ndalama yongopitirira pang'ono K2 miliyoni, ndipo yotsalayo ikugwira ntchito ina. Komatu thiransipoti siyaulere, ndiponso opikulitsa amatsitsa mtengo kwa wotenga zambiri. Wa ku Chitipa sangaode ngati wa ku Limbe yemwe depoti ili pakhomo. Mfundo ndi yakuti masamu otere, oyerekeza mtengo wa lole ndi mtengo wogoneka ndalama, ndi oyenera kuwachitira simenti ndi malata. Kuwachitira mabulashi n'kutaya nthawi. Chimodzimodzi kunenerera: kutsitsitsa K500 pa thumba la simenti kukupulumutsa K1.1 miliyoni pa chaka, pomwe mabulashi onse, ngakhale atakupatsani aulere, mwapulumutsa K500,000.

Gulu B lilibe nkhani yambiri. Kuwerenga kamodzi pa mwezi ndi kuika mlingo woti katundu akafikapo muode, zakwana.

Gulu C ndi lomwe anthu amalimva molakwika. Ena akamva kuti ndi la ndalama zochepa amayamba kulinyozera, mpaka katundu kutha pa shelufu. Cholinga chake si chimenecho. Mmisiri wobwera kudzagula malata 40 amafunanso misomali yokhomera malatawo, ndipo akaipeza kulibe, amawoloka msewu n'kukagula zonse kwa mnzanu. Misomali ya K10,000 yathawitsa malonda a malata omwe munapikula pa K640,000. Popeza katundu wa gulu C sadya mpamba wambiri, nzeru yake ndi kumusunga wochulukirapo kuti musamamuganizire. Odani kawiri kapena katatu pa chaka. Njira yosavuta ndi ya makatoni awiri: mukugulitsa za m'katoni yoyamba, yachiwiri ili yomata, ndipo tsiku lomwe mwatsegula yachiwiriyo ndi tsiku lolemba oda. Sipafunika buku kapena kuwerenga hinjesi lililonse.

Palinso katundu yemwe masamu amamuika mu C koma kusowa kwake n'koopsa. Anthu a zachipatala amadziwa bwino zimenezi, ndipo pambali pa ABC amagwiritsanso ntchito njira ina yotchedwa VEN, yogawa mankhwala potengera kufunika kwake pa moyo wa wodwala. Jakisoni woletsa kutaya magazi mayi akangobereka akhoza kukhala pansi pa mndandanda wa ndalama, koma palibe wanzeru amene angalole kuti athe. Pa chigayo napo, lamba wa injini ndi wotchipa poyerekeza ndi dizilo wa chaka chonse, koma akaduka popanda wina wapadera, chigayo chaima. Katundu wotere mumulembe chizindikiro n'kumuyang'anira ngati wa gulu A, masamu anene zomwe anganene.

Manambala enieniwo akhozanso kunama. Ngati penti anasowa miyezi inayi chaka chatha, malisiti adzaonetsa kuti anayenda pang'ono, ndipo adzagwera m'gulu lotsika, osati chifukwa anthu samufuna koma chifukwa kunalibe. Musanachulukitse, dzifunseni kuti katunduyu anakhalapo miyezi ingati pa shelufu. Mitengo nayo imasokoneza. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera msanga, moti wophatikiza malisiti akale ndi atsopano akanapeza chithunzi chopotoka. Njira yabwino ndi kuchulukitsa zonse ndi mtengo womwe mungapikulire lero. Ndipo chiwerengero cha chaka chimabisa nyengo: matumba 42 pa sabata ndi kungogawa mofanana, pomwe zoona zake n'zakuti anthu amamanga kwambiri m'chilimwe akagulitsa mbewu, ndipo mvula ikagwa malonda amazizira. ABC imakuuzani katundu woti mumuyang'anitsitse, koma kuchuluka kwa oda ya mwezi uno mudzakupeza m'malisiti a mwezi ngati womwewu chaka chatha.

Chomaliza chomwe njirayi siiona ndi katundu wogona. Matailosi omwe munapikula zaka ziwiri zapitazo ndipo sanayendepo adzaoneka ndi ziro, pansi penipeni pa gulu C, chonsecho agoneka mamiliyoni. Pafunika mndandanda wina wapadera wa chilichonse chomwe sichinatuluke kwa miyezi isanu ndi umodzi, kuti chitsitsidwe mtengo ndalama ibwerere.

Sitolo yeniyeni imakhala ndi mitundu mazanamazana, osati khumi, ndipo kulemba yonse kungakugwetseni ulesi. Yambani ndi mitundu 30 yomwe mukuganiza kuti imayenda kwambiri, tengani malisiti opikulira a miyezi 12 yapitayi, muchulukitse, mundandalike. Magulu amasintha malonda akasintha, choncho mudzabwerezenso ntchitoyi chaka chamawa, kapena msanga ngati mitengo yasuntha kwambiri.