Malo a pachipata ndi a yani?

Pa chionetsero cha zamalonda cha ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, chomwe bungwe la MCCCI limakonza, malo safanana. Wogulitsa uchi pafupi ndi chipata amakumana ndi aliyense wolowa, pomwe mnzake wa kumbuyo amaonedwa anthu atatopa kale, ndalama zitatha.

N’chifukwa chake pa chionetsero chilichonse mtengo suyenera kutengera kukula kwa malo kokha. Tiyerekeze kuti malo a mamita 3 mbali zonse ndi K100,000. A pakona, poti makasitomala amafika mbali ziwiri, akhoza kukhala K130,000, ndipo wofuna magetsi a firiji awonjezerepo.

Nanga anthu khumi akafuna makona anayi? Kupatsa amene wayamba kulipira kumakomera makampani akuluakulu. Mayi wa ku Mulanje wodikira ndalama za banki m’khonde amapeza malo abwino atatha, ndipo zimenezi zimandiwawa. Chilungamo n’kuika tsiku lotsekera kalembera, aliyense alipireko gawo lina, kenako maere achitike onse akuona. Amene maere sanamugwere asankhe malo ena kapena abwezeredwe ndalama zake zonse.