Meti yobanikitsa: mfumu ikatsekeredwa ndi anthu ake omwe

Pa tchesi, hatchi ndiye yekha amene amadumpha zida zina. Tcheki ya hatchi sitchingika: mfumu iyenera kusuntha, apo ayi hatchiyo adyedwe. Meti yobanikitsa imachokera pamenepa. Mfumu ikazingidwa mbali zonse ndi zida za mbali yake yomwe, hatchi mmodzi amatha kutseka masewera, chifukwa zida zimene zimayenera kuiteteza ndi zomwe zaitsekera pothawira.

Njira yodziwika kwambiri yofikira meti imeneyi imatchedwa cholowa cha Philidor, katswiri wa ku France amene anamwalira mu 1795. Dzinalo linangomugwera, pakuti Luis de Lucena wa ku Spain anali atailemba kale m'buku lake la mu 1497.

Zida zimakhala motere. Mfumu yakuda ili pa g8, maponi ake ali pa g7 ndi h7, ruku ali pa a8, ndipo poni wa pa f7 anachokapo. Oyera ali ndi mfumukazi pa e2 ndi hatchi pa g5. Mfumukazi ipereka tcheki pa e6. Mfumu ikapita pa f8, mfumukazi ikhala pa f7 motetezedwa ndi hatchi, masewera atha. Choncho ithawira pakona, pa h8. Hatchi apereka tcheki pa f7, mfumu ibwerera pa g8.

Apa ndi pamene pagona luso. Hatchi alumphira pa h6, ndipo pochoka pa f7 watsegulira mfumukazi njira, moti tcheki ikuchokera ku zida ziwiri nthawi imodzi. Poni wa pa g7 akanatha kudya hatchiyo, koma saloledwa, chifukwa tcheki ya mfumukazi ikanatsalabe. Pa tcheki yapawiri mfumu yokha ndiyo imasuntha. Pa f8 pali meti ija, ndiye ibwerera pa h8.

Tsopano oyera aika mfumukazi pa g8, pafupi penipeni ndi mfumu. Wosadziwa amaganiza kuti dzanja laterereka. Mfumu singaidye, poti hatchi wa pa h6 akulondera g8, choncho ruku ndiye ayenera kuidya, afune asafune. Akatero wakhala pa bokosi limodzi lokhalo limene mfumu inali nalo lothawirapo. Hatchi abwerera pa f7, ndipo ndi meti. Mfumukazi yaperekedwa kuti ikokere ruku pa g8, basi.

Asanapereke mfumukazi, wosewera ayenera kuona zinthu zingapo, chifukwa akalakwitsa kamodzi amatsala chimanjamanja. Ruku wakuda akakhala pa f8 osati patali, amadya hatchi pa tcheki yoyamba ya pa f7. Oyera amadya rukuyo ndi mfumukazi n'kupindulako pang'ono, koma meti palibe. Poni wa pa h7 akakhala kuti anasunthapo, mfumu ili ndi potulukira. Msampha wina umene ambiri sauona ndi uwu: ngati chida chodzadya pa g8 chili mfumukazi yakuda, zonse zawonongeka, chifukwa mfumukazi ya pa g8 imafika pa f7 ndipo imadya hatchi. Ruku sayenda chopingasa, n'chifukwa chake ndiye woyenera kukokedwa.

Mfumu imatha kubanika isanachoke n'komwe pamalo pake. Mu 1950, ku Szczawno-Zdrój m'dziko la Poland, Paul Keres anagonjetsa Edward Arłamowski pa kusuntha kwachisanu ndi chimodzi. Keres anaika mfumukazi pa e2, kumbuyo kwa hatchi wake wa pa e4. Akuda atatulutsa hatchi pa d7, anatseka bokosi lomaliza la mfumu yawo. Hatchi woyera analumphira pa d6. Poni wa pa e7 sakanamudya, chifukwa kuchoka kwake kukanasiya mfumu poyera pamaso pa mfumukazi ya pa e2.

Pali meti zina zimene hatchi amagwira ntchito yotseka njira, ruku n'kumaliza. Pa meti ya Chiarabu, imodzi mwa zakale kwambiri, mfumu ili pa h8, hatchi ali pa f6, ndipo ruku afika pa h7: hatchi akuteteza rukuyo komanso akulondera g8. Meti ya Anastasia, imene dzina lake linachokera m'buku la nthano la Wilhelm Heinse la mu 1803, imafunanso nsembe ya mfumukazi. Hatchi apereka tcheki pa e7 kwa mfumu ya pa g8 yomwe ili ndi ruku wake pa f8, ndipo mfumu ipita pa h8. Mfumukazi idya poni wa pa h7, mfumu n'kuidya. Ruku woyera akalowa mumzere wa h, mfumu ilibe kolowera: g8 ndi g6 zagwidwa ndi hatchi, ndipo pa g7 pali poni wake yemwe.